Uthenga wopita kwa mnzathu ali m'chipatala

Mnzanga wa paubwana anathyoka fupa la pantchafu njinga yamoto ya kabaza imene anakwera itawombana ndi minibasi. Ine nkhaniyi inandipeza madzulo ndili kutali ndi tauni imene anagonekedwa, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi ndinali nditamulembera kale pafoni: "Pepa aise. Limba mtima, zonse zikhala bwino. Masabata awiri okha ukhala uli kunyumba." Ndinalemba ndi mtima wonse. Koma masabata awiriwo sindinawamve kwa dokotala, sindinawamve kwa alamu amene ankamudwazika. Ndinangowatola m'mutu mwanga chifukwa ndinkalakalaka zitakhala choncho. Mnzangayo anagona pabedi lomwelo masabata 9.

Atatuluka, tsiku lina tikucheza pakhonde, anandionetsa uthenga uja. Sanaufufute. Anati masiku oyamba ankauwerenga mobwerezabwereza n'kumawerengera masiku pa zala. Tsiku la 14 litadutsa, mwendo ukadali womangidwa ndipo palibe amene akukamba zomutulutsa, anayamba kuganiza kuti pali china chimene madokotala ndi abale akumubisira. Sanandidzudzule. Anangondiuza mmene zinalili, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimaganiza kawiri ndisanatumize mawu aliwonse kwa munthu wogonekedwa.

Ndikanafunsa pang'ono chabe, ndikanadziwa kuti masabata awiri n'zosatheka. Fupa la pantchafu ndi lalikulu kuposa mafupa onse a m'thupi, ndipo likathyoka, minofu yamphamvu ya pamenepo imakoka zidutswa ziwirizo n'kuzipambanitsa. Njira imodzi yochizira ndi opaleshoni yolowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupalo. Kumene opaleshoniyo siingachitike msanga, amaboola kachitsulo pa fupa la kunsi kwa bondo, kumangirirapo chingwe, ndipo chingwecho amachidutsitsa kumiyendo kwa bedi n'kupachikapo zolemera kuti mwendo uzikhala wokokeka usana ndi usiku. Munthu wamkulu amakhala choncho masabata 6 kapena kuposerapo, osadzuka, osapita yekha kuchimbudzi, kudikira kuti ekisile ionetse kuti fupa layamba kugwirana. Kwa mnzanga, pabowo la kachitsulo panayamba kutuluka mafinya, nthawi n'kuwonjezereka. Palibe chachilendo pa zonsezi. Chachilendo chinali tsiku lotuluka limene ine ndinamupatsa.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pali zinthu zimene zili m'thupi mwa wodwala, ndipo pali zinthu zimene zili m'manja mwa ife anzake. Kuchira kwake, tsiku lotuluka, zotsatira za magazi, mmene opaleshoni iyendere, zonsezi sizili m'manja mwathu, ndipo ngakhale dokotala amene wagwira faelo yake amalankhula za zimenezi mosamala. Koma kufika Loweruka ndi fulasiki ya tiyi, kutengera mwana wake kusukulu, kutumiza ya makala kwa wodwazika, kumulembera m'mawa uliwonse, izi zili m'manja mwathu. Uthenga wolimbikitsa umene sunama umalonjeza za m'manja zokha.

Mawu amene timangowatola panjira

Sindikunena kuti mawu a mwambo ndi oipa. "Pepani ndi matendawa" ndi mawu olemera, ndipo palibe chifukwa chowasiyira. "Mwagona bwanji?" ndi "Mukupezako bwanji lero?" ndi mafunso enieni amene makolo athu ankayamba nawo akapita kukazonda wodwala. Koma kumudzi, mawu amenewa ankabwera ndi munthu. Wozondayo ankakhala pamphasa, kuyang'ana nkhope ya wodwala, kumva mmene akupumira, mwina kukatunga madzi kapena kusiya kamtolo ka nkhuni. Mawu anali ochepa chifukwa thupi lonse la mlendoyo linkalankhula. Pafoni zonsezo palibe. Patsala mawu okha, ndipo akakhala omwe aja amene anthu ena 30 atumiza kale, wodwala amangowadutsa ndi chala.

Tengani mawu akuti "limba mtima". Ife timatanthauza zabwino. Koma munthu amene wagona chagada kwa mwezi, amene akuchita manyazi tsiku ndi tsiku pothandizidwa kudzithandiza pabedi anthu ena ali pafupi, amatha kuwamva ngati lamulo lakuti asalire, asadandaule, asatitopetse. Mnzanga anandiuza kuti kwa aliyense amene anamulembera kuti alimbe mtima, iye ankayankha kuti "ndikupezako bwino", ngakhale usiku umene sanagone n'komwe. Mawuwo anatseka khomo limene akanatulutsirapo zakukhosi.

"Osadandaula" ndi mbale wake wa "limba mtima". Munthu wogonekedwa ali ndi zodandaula zenizeni: lendi ya nyumba, fizi ya ana, geni imene yaima, ntchito imene mwina akaipeza atalembapo wina. Kumuuza kuti asadandaule sikuchotsa lendiyo. Chimene chingamupepukitse ndi kumva kuti chimodzi mwa zimenezi wina wachinyamula.

Palinso mawu amene amaoneka aulemu kwambiri koma ndi amene amasiya wodwala yekha: "Mukafuna chilichonse mundiuze." Ife Amalawi tinaleredwa kuti kupempha n'kovuta, ndipo munthu wodwala amadziona kale ngati mtolo kwa abale ake. Sadzanena. Komanso kuti aganize chimene inu mungakwanitse, ayese ngati sichikulemerani, kenako alembe pempholo, imeneyo ndi ntchito, ndipo mwaisenzetsa munthu amene mphamvu alibe. Tchulani nokha chinthu chimodzi, ndipo iye angoyankha kuti inde kapena ayi.

Za nkhani za odwala ena sindichulutsa. "Amalume anga anathyokanso pomwepo, mpaka lero amatsimphina" si chilimbikitso, ndipo "mnzanga wina anachira masiku 10 okha" ndi lonjezo lomwe lija la masabata awiri litangovala malaya ena. Chimodzimodzi mankhwala amene tamva kwa anansi, ndi mphekesera zakuti alipo munthu wachita zimenezi. Wodwala akayamba kukayikira mankhwala amene akulandira, kapena kukayikira abale ake, tamuwonjezera matenda ena pamwamba pa amene anabwera nawo.

Uthenga umene ndinalemba pambuyo pake

Sabata yachitatu ndinaimbira alamu ndisanalembe kanthu. Ndinawafunsa zinthu zitatu: madokotala anena chiyani, mnzangayo akufuna alendo kapena ayi, ndipo chimene chikusowa kwambiri n'chiyani. Anandiuza kuti nthawi idakalipo yaitali, kuti foni yake imangokhalira kuzima chifukwa malo otchajira mu wodi ndi ochepa ndipo iye sangadzuke, komanso kuti iwo eni atopa, sanapite kunyumba kukaona ana masiku angapo. Kuimba kumeneko kunanditengera mphindi zisanu, ndipo kunandipatsa zonse zimene ndinalemba:

"Aise, alamu andiuza kuti ukhalabe pa zitsulozo masabata angapo. N'zowawa, ndipo sindikunamiza kuti ndikudziwa mmene ukumvera. Loweruka ndifika nthawi yoona odwala masana, ndibweretsa pawabanki, ndipo ndikhala nawe kuti alamu akaone ana. Usavutike kuyankha."

Chiganizo choyamba chikunena zoona zimene iye akuzidziwa kale. Ena amaopa kutchula vutolo poganiza kuti amukumbutsa, ngati kuti munthu womangidwa mwendo angaiwale kuti wamangidwa. Kutchula kumamuuza kuti simukuthawa nkhani yake, kuti mwafunsa ndipo mwamva. Onani kuti ndinatchulanso amene anandiuza, kuti asadabwe kuti nkhani yake yafika patali bwanji.

Chiganizo chachiwiri chikuvomereza kuti zinthu n'zovuta, basi. Palibe "koma" pambuyo pake. Ambirife timalemba kuti "n'zowawa koma thokoza Mulungu kuti uli moyo", ndipo "koma" ameneyo amafafaniza chisoni chimene tangochipereka. Wodwala amadziwa kuti akanatha kufa pangoziyo. Adzathokoza pa nthawi yake. Lero mwendo ukupweteka.

Chiganizo chachitatu ndicho mtima wa uthengawo: tsiku, nthawi, chinthu. Apa m'pamene munthu ayenera kudziyeza asanalembe. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo lonjezo loperekedwa kwa wodwala limalemera kuposa malonjezo ena onse, chifukwa iye alibe china chochita koma kulidikira. Kwa inu Loweruka ndi tsiku limodzi mwa masiku otanganidwa. Kwa iye ndi chinthu chimene wakhala akuchiyang'anira kuyambira Lachiwiri, ndipo nthawi ya alendo ikakwana maso ake amakhala pakhomo la wodi. Ngati simukutsimikiza kuti ya minibasi ipezeka, musalonjeze zofika. Lonjezani zazing'ono zimene simungalephere: kuimba 6 koloko madzulo, kutumiza mayunitsi, kukaona ngati mbuzi zake zatsekeredwa. Ndipo zikakanika ndithu, muuzeni nthawi isanakwane, mutchule tsiku lina. Kukhala chete chifukwa cha manyazi n'kumene kumapweteka kwambiri.

Mawu omaliza aja, "usavutike kuyankha", ambiri amawaiwala. Munthu wogonekedwa amalandira mauthenga ambirimbiri, makamaka masiku oyamba, ndipo ulemu umamukakamiza kuyankha uliwonse. Mwina dzanja limene amalembera lili ndi singano ya dilipi. Mwina mankhwala opha ululu akumugonetsa, kapena maso akuchita chidima. Mukaona pa WhatsApp kuti wawerenga koma sanayankhe, musalembenso kuti "bwanji uli zii?" Wawerenga, ndipo n'zimene mumafuna.

Chinthu china chimene ndinaphunzira m'masabata amenewo n'chakuti mauthenga amachuluka pamene sakufunika kwambiri, n'kusowa pamene akufunika. Sabata yoyamba foni imalira osalekeza. Pofika sabata yachinayi anthu azolowera kuti uje ali kuchipatala, moyo wapitirira, ndipo m'pamene wodwala amayamba kumva kuti waiwalika. Choncho ndinasankha kulemba Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, mauthenga aafupi, ndipo ambiri sanali a matenda n'komwe. Ndinkamuuza kuti mango a pabwalo la kwawo ayamba kupsa, kuti Maule asewera Lamulungu ndipo ndimuuza zigoli, kuti mwana wake wamkazi anandilonjera mwaulemu nditakumana naye. Aliyense womuzungulira ankamufunsa za mwendo. Iye ankafuna wina womukumbutsa kuti ndi bambo, ndi wokonda mpira, ndi munthu wa m'dera lake.

Ndi bwinonso kudziwa pang'ono mmene tsiku la mu wodi limayendera. M'mawa madokotala amazungulira, anamwino amatsuka zilonda ndi kupereka mankhwala, ndipo si nthawi yoimba foni. Usiku odwala ena amafuna kugona, koma ndi usiku womwewo pamene ululu ndi maganizo zimakula, choncho uthenga wolemba umene ungawerengedwe mwakachetechete umathandiza kuposa kuimba. Uthenga wa mawu ojambula ndi wabwino kwa munthu amene sangathe kuwerenga, koma kumbukirani kuti mabedi amakhala moyandikana ndipo a bedi linalo amva zonse. Ngati mukutumiza SMS, uthenga umodzi umakwana zilembo 160, koma mukangoikamo kachithunzi ka nkhope yosekerera kapena chilembo cha ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthengawo umagawika n'kudya mayunitsi ambiri. Zilembo 160 n'zokwanira kunena tsiku limene mufike ndi chimene mubweretse.

Foni ya wodwala siikhala ya iye yekha. Nthawi zambiri imakhala m'manja mwa gadiyani, amene mwina ndi apongozi, mlongo wake kapena mwana wake, ndipo ndi amene amamuwerengera mokweza. Choncho musatchule dzina la matenda, makamaka ngati anakuuzani mwachinsinsi kuti ali ndi kachilombo ka HIV, khansa, kapena kuti pathupi pachoka. "Zimene unandiuza zija ndikuzikumbukira, ndipo zili kwa ine ndekha" n'zokwanira. Ndipo chithunzi cha munthu ali pabedi la chipatala, chitenje chitamuphimba mwatheka, si chathu choti tiziika pa sitetasi kapena m'gulu la mpingo, ngakhale titalembapo kuti tiyeni timupempherere. Funsani mwini wake kaye, ndipo akakana, mwamva.

Za Mulungu ndi za pemphero

Ambiri mwa ife ndife anthu opemphera, ndipo uthenga wopanda dzina la Mulungu umatimvekera ngati ndiwo zopanda mchere. Palibe cholakwika kulitchula. Koma pali kusiyana pakati pa kunena chimene inu mukuchita ndi kulonjeza m'malo mwa Mulungu. "Usiku uno tikupempherera ndi banja langa" ndi zoona zimene zili m'manja mwanu, bola mupempheredi. "Mulungu wandionetsa kuti udzuka sabata ino" ndi lonjezo limene simunatumidwe, ndipo likapanda kuchitika, wodwala satsala ndi mafunso pa inu nokha, amatsala ndi mafunso pa Mulungu wake pa nthawi imene akumufuna kwambiri.

Mawu amene ndimawaopa kuposa onse ndi akuti "ukangokhala ndi chikhulupiriro uchira". Atembenuzeni muone kumbuyo kwake: ukapanda kuchira, ndiye kuti chikhulupiriro chako chinali chochepa. Ndinaonapo mayi wina wopemphera moyo wake wonse akufunsa mwana wake, masiku omaliza, kuti kodi analakwa chiyani. Funso limenelo analitenga kwa anthu amene ankamukonda. Nkhani ya Yobu timaidziwa tonse. Anzake atatu atafika anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu, ndipo mavuto anayamba pamene anatsegula pakamwa kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Kufotokoza chifukwa cha matenda a munthu si ntchito ya uthenga wa pafoni.

Ngati mnzanuyo ndi wa chipembedzo china, kapena sapemphera, lankhulani m'njira imene iye angailandire. Bedi la chipatala si malo omukokera ku mpingo wanu.

Usiku woti mawa lake alowa kuthiyeta ndi nthawi ina imene pakamwa pamayabwa kunena kuti "palibe chichitike". Wodwala wasayina kale chikalata chovomereza opaleshoni, ndipo amufotokozera zimene zingavute. Akudziwa kuti mawu anuwo ndi ongonena. Nenani chimene chili choona: "Mawa m'mawa ndikhala ndikukuganizira, ndipo ndiziimbira alamu kuti ndimve. Ukadzuka upeza uthenga wanga." Kumbukiraninso kuti opaleshoni imatha kuimitsidwa munthu atasala kale kudya kuyambira usiku, chifukwa kwabwera wina wangozi kapena magazi sanapezeke. Tsiku limenelo wodwala amakhala ndi njala, wokwiya ndi wofooka. "Mwina Mulungu wakupulumutsa ku china chake" sizimuthandiza. "Pepa, wasala kudya tsiku lonse pachabe, ndikubweretsere chiyani?" zimathandiza. Ndipo ngati vuto ndi magazi, inu muli wathanzi, kupita kukapereka magazi ku nthambi ya Malawi Blood Transfusion Service kapena kuchipatala komweko n'chinthu chimene mungachite ndi mkono wanu. Amatenga pafupifupi mamililita 450, ndipo ngakhale sangapite kwa mnzanuyo mwachindunji, amawonjezera pa nkhokwe imene iye ndi odwala ena akudalira.

Pamene kuchira kulibe

Fupa limagwirana. Mnzanga lero amayenda. Koma pali matenda ena amene madokotala amanena poyera kuti sangachizike, monga khansa imene yafalikira kale, ndipo apa m'pamene mawu athu a tsiku ndi tsiku amatheratu. Ambiri timachita chimodzi mwa ziwiri: timapitiriza kulemba kuti "uchira posachedwa" ngati sitinamve kanthu, kapena timangosiya kulemba chifukwa tasowa chonena. Zonse ziwiri zimasiya munthu yekha. Wodwala amene akudziwa kuti akupita, koma aliyense akumuuza kuti achira, amakakamizika kusewera nafe sewero lathu kuti ife tisamve chisoni. Sangakambe za ana ake, za munda, za ngongole, za amene akufuna kukhululukirana naye, chifukwa akangoyamba timamudula kuti "musamalankhule choncho".

Cicely Saunders, amene anatsegula nyumba yosamalira odwala otere ya St Christopher's ku London mu 1967, anaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene watsala pang'ono kumwalira si wa m'thupi mokha. Muli mantha, muli nkhawa za banja ndi ndalama, muli mafunso a mzimu, ndipo zonsezi zimakulitsana. Chisamaliro cha mtundu umenewu chilipo kuno kwathu, monga ku kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Anamwino ndi madokotala ali ndi mofini wa ululu wa m'thupi. Mbali zinazo zimafuna anthu amene amamudziwa wodwalayo, ndipo ndife.

Chilimbikitso pa nthawi imeneyi sichikhalanso chakuti adzuka. Chimakhala chakuti sali yekha, kuti moyo wake unali ndi phindu kwa inu, ndi kuti zimene akuda nazo nkhawa wina wazimva. Mayi amene anaphunzitsa mnzake kusoka akhoza kulandira mawu ngati awa: "Amayi, lero ndasoka diresi pa makina aja munandiphunzitsira, ndipo ndakumbukira mmene munkandipirira. Zikomo. Lachinayi ndibwera kudzakhala nanu, kaya ticheza kaya tingokhala chete." Mulibe bodza, mulibenso mawu otsanzika amene iwo sanawapemphe. Musathamangire kukamba za imfa ngati mwini wake sanayambe, chifukwa anthu amasiyana, ena amafuna kudziwa zonse, ena amafuna pang'onopang'ono. Koma akayamba yekha, akalemba kuti "ndikuona kuti sindituluka muno", musamutseke pakamwa. Mukhoza kuyankha kuti: "Ndakumva. N'chiyani chimene chikukudetsa nkhawa kwambiri? Ndiimbe tikambirane?" Ndipo pamenepanso samalani ndi lonjezo. "Ana ako ndidzawaphunzitsa mpaka kuyunivesite" ndi mawu okoma pa tsikulo, koma ngati thumba lanu silingakwanitse, nenani chimene mungathe: kuti muzidzawayendera, kuti mudzakhalapo pokambirana za sukulu yawo.

Nanga chisoni chanu inuyo muchipititse kuti? Chifukwa nanunso mukumva kuwawa, ndipo n'zosavuta kulemba kuti "sindikugona n'komwe, ndikungolira, sindikudziwa kuti ndidzatani popanda iwe". Mawuwa ndi oona, koma amachititsa wodwala kuyamba kutonthoza inuyo. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Susan Silk, amene anadwalapo khansa ya m'mawere, analemba pamodzi ndi Barry Goldman mu nyuzipepala ya Los Angeles Times mu 2013 njira yosavuta yoganizira zimenezi. Wodwala muikeni pakati. Momuzungulira muike mkazi kapena mwamuna wake, kenako ana ndi makolo, kenako anzake apamtima, kenako a kuntchito ndi anansi. Kwa aliyense amene ali pafupi ndi wodwala kuposa inu, mumapereka chitonthozo chokha. Madandaulo anu, mantha anu ndi misozi yanu mumazipititsa kwa amene ali kutali kuposa inu. Kunena kuti "ndakusowa" n'kwabwino. Kumutula wodwala mantha anu onse ayi, amenewo kakambeni ndi akunyumba kwanu kapena abusa.

Njira imeneyi imatikumbutsanso munthu amene timamuiwala kawirikawiri, wodwazika matenda. M'zipatala zathu gadiyani ndi amene amasambitsa wodwala, kumudyetsa, kuchapa zovala, kuphika kunja pa mbaula, ndipo nthawi zambiri amagona pansi pa chitenje. Mauthenga onse amene amafika pa foni yake ndi ofunsa za wodwala. Mulembereni wakewake: "Alamu, inuyo mwadya lero? Ndatumiza kangachepe pa Mpamba, mugule makala ndi ndiwo." Kaya ndi pa Mpamba kaya pa Airtel Money, onjezerani kandalama kochotsera, kuti imene mwanenayo imufike yonse. Alamu anga anandiuza kuti pa masabata 9 onsewo, anthu amene anawafunsa za iwo eni sanakwane zala za dzanja limodzi.

Mwina pamene mukuwerenga izi muli ndi mnzanu amene wagonekedwa kwa nthawi ndithu, ndipo mwakhala chete chifukwa masiku apita ambiri ndipo mukuchita manyazi kuyamba. Musalembe zifukwa zambiri. "Pepa ndachedwa kukulembera, ndimasowa mawu, koma sindinakuiwale" n'chiyambi chokwanira. Imbirani kaye amene akumudwazika mumve chimene chikusowa, sankhani chinthu chimodzi chimene mukwanitsedi, mutchule tsiku lake mu uthengawo, ndipo tsikulo likafika mukafike.